Gmail ndi Facebook ndazibweza, nanga mapasiwedi osungidwa mu Chrome ndi maakaunti akale nditani nawo?

"Ndine mayi wa ku Zomba, ndimaphunzitsa komanso ndimagulitsa zitenje pa Facebook. Mwezi watha anandibera Gmail ndi Facebook, n'kuyamba kupempha anzanga ndalama m'dzina langa. Zonse ziwiri ndazibweza ndipo mapasiwedi ake ndasintha. Koma mu Chrome ya pa laputopu ndapezamo mapasiwedi 143 osungidwa, ambiri a masamba amene sindikuwakumbuka n'komwe. Laputopuyi amaseweretsanso mwana wanga wamwamuna. Kodi ndingofufuta zonse kamodzi? Nanga maakaunti akalewo ndingowasiya?"

Pepani mayi ndi zimene zakuonekeranizi. Mtima ukhale m'malo, chifukwa gawo lovuta kwambiri mwadutsa kale. Ambiri amene amabwera kwa ine imelo yawo imakhala itapitiratu, ndipo popanda imelo china chilichonse chimavuta kubweza. Inu imelo ili m'manja mwanu. Chatsala ndi ntchito yofuna kudekha, imene mungaigwire nokha madzulo angapo mukaweruka.

Koma musafufute kaye chilichonse. Kufufuta pasiwedi mu Chrome kumangochotsa kope lanu. Akaunti imene ili ku tsamba lija imakhalabe yamoyo, pasiwedi yake imakhalabe yomweyo, ndipo ngati wakuba anaikopera, iye akadali nayo pamene inu mulibenso. Zili ngati kutaya makiyi anu m'chimbudzi chifukwa mbava yadulitsa ena: loko sanasinthe, mwangodzitsekera kunja nokha. Mndandanda wa 143 umenewo ndi kaundula wa malo ambiri amene munatsegulako akaunti, ndipo muufuna mpaka tsiku lomaliza la ntchitoyi. Lamulo lake n'lakuti mzere uliwonse muufufute pokhapokha mutathana ndi akaunti yake.

Tiyambe ndi funso limene simunafunse koma ndi limene likulamulira zonse: kodi wakubayo anaona mapasiwedi amenewa? Pali njira ziwiri zimene akanawaonera. Yoyamba ndi ya akaunti ya Google. Ngati munalowa mu Chrome ndi Gmail yanu n'kulola kuti zinthu zizisungidwa ku akauntiyo, mapasiwedi sakhala pa laputopu pokha. Amakhalanso ku Google, ndipo munthu amene ali ndi pasiwedi ya Gmail yanu angatsegule passwords.google.com ali kulikonse, n'kuwawerenga mmodzimmodzi kapena kuwatsitsa onse mu fayilo imodzi. Sizimutengera ngakhale mphindi zisanu. Yachiwiri ndi pulogalamu yoipa imene imalowa mu kompyuta n'kukokolola zonse zimene burawuza yasunga: mapasiwedi, manambala a makhadi a banki, ndi tizidutswa totchedwa makuki. Mapulogalamu otere, monga RedLine ndi Lumma, amabisala kawirikawiri m'magemu ndi m'mapulogalamu ogulitsa amene munthu watsitsa mwaulere pa masamba okayikitsa, kapena m'fayilo imene yabwera ngati invoisi. Ndi ofala kwambiri. Mu Meyi 2025 kampani ya Microsoft inalengeza kuti inapeza makompyuta a Windows oposa 394,000 ogwidwa ndi Lumma m'miyezi iwiri yokha.

Makuki aja afunika kuwamvetsa. Mukalowa mu Facebook kamodzi, mawa sikufunsaninso pasiwedi. Chifukwa chake n'chakuti tsambalo linasiya kachizindikiro mu burawuza yanu konena kuti munthu uyu tamuona kale. Wakuba akakopera kachizindikiroko n'kukaika mu burawuza yake, amalowa ngati ndinu, osafunsidwa pasiwedi ngakhale manambala amene amabwera pa foni. N'chifukwa chake anthu ena amadabwa kuti anawabera chikhalirecho anaika chitetezo cha magawo awiri.

Mungadziwe bwanji kuti ndi njira iti? Ganizirani mmene zinayambira. Ngati munalandira uthenga wokhala ndi linki, mwina wonena kuti tsamba lanu la malonda litsekedwa, n'kulembamo pasiwedi, ndiye kuti munachita kupusitsidwa ndipo laputopu mwina ilibe vuto. Ngati Gmail ndi Facebook zinali ndi pasiwedi imodzi, chimenecho chokha chikukwanira kufotokoza zonse. Koma ngati mapasiwedi ake anali osiyana, simunalembe paliponse pokayikitsa, ndipo zinapita tsiku limodzi, ine ndimakayikira laputopu. Chizindikiro china champhamvu ndi ichi: mwasintha pasiwedi, patapita masiku ochepa mwalandiranso chenjezo lakuti wina walowa kuchokera kumalo kwachilendo. Mufunseni mwana wanu mofatsa ngati anatsitsapo gemu kapena pulogalamu masabata angapo izi zisanachitike. Musamukalipire, chifukwa mwana woopa amabisa, pamene inu mukufuna dzina la chinthucho ndi tsiku lake. Njira iliyonse mwa ziwirizi, popeza Gmail inagwidwa, tengani kuti mapasiwedi onse 143 anaonedwa.

Ndiye musanasinthe pasiwedi ina iliyonse, laputopu iyere. Kusinthira mapasiwedi pa kompyuta imene ili ndi kachilombo n'kupereka atsopanowo kwa munthu yemweyo. Tsegulani Windows Security, pitani pa Virus & threat protection, kenako Scan options. Yambani ndi Full scan, ikatha muyendetsenso Microsoft Defender Offline scan, imene imazimitsa kompyuta n'kuifufuza Windows isanadzuke. Laputopu ikhale pa magetsi kapena batire likhale lodzaza. Mukatero lembani izi pamwamba pa Chrome pamene mumalemba adiresi ya tsamba:

```
chrome://extensions
```

Pamenepo muona tizowonjezera tonse timene tinaikidwa mu burawuza. Kalikonse kamene simukukadziwa kachotseni ndi Remove. Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna anthu achidziwe: mapulogalamu ambiri okuba mapasiwedi amagwira ntchito yawo kamodzi n'kudzifufuta, choncho kufufuza kukanena kuti palibe kanthu sizitanthauza kuti panalibe kanthu. Koma kukapeza chinachake, kapena mwana akavomera kuti anaikadi gemu yoba, maganizo anga ndi akuti musungire pa fulashi zithunzi ndi zikalata zanu zokha, osati mapulogalamu, kenako Windows iikidwenso mwatsopano. Ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa wokonza makompyuta wodalirika, ndipo mumuuze kuti aike Windows yeniyeni, asaikemo mapulogalamu oba, apo ayi mubwerera pomwe munali. Podikira zimenezo gwiritsani ntchito foni yanu. Ndipo ngati mapasiwedi a Gmail ndi Facebook munasinthira pa laputopu yomweyo, asintheninso muli pa foni.

Tsopano Gmail. Kuibweza si kuimaliza, chifukwa wakuba wochenjera amasiya njira zobwererera. Pitani ku myaccount.google.com, mutsegule gawo la Security. Pa Your devices muona zipangizo zonse zimene zalowa mu akaunti yanu. Chilichonse chachilendo chitulutseni ndi Sign out, ndipo laputopu ijanso muitulutse kuti makuki akale afe. Kenako onani nambala ya foni ndi imelo zobwezera akaunti ngati zilidi zanu, muziwerenga chilembo chilichonse, poti ena amaika adiresi yofanana ndi yanu yosiyana kadontho kamodzi. Onaninso App passwords ndi Passkeys, muchotse chilichonse chimene simunapange inu. Mukamaliza apo tsegulani Gmail mu burawuza ya pa kompyuta yoyera, mupite pa Settings, See all settings, muone magawo awiri: Forwarding and POP/IMAP ndi Filters and Blocked Addresses. Apa ndi pamene ndimapeza zambiri. Wakuba amaika lamulo lakuti kalata iliyonse yokhala ndi mawu ngati password kapena bank izitumizidwa kwa iye, kapena izifufutidwa isanafike m'maso mwanu. Lamulo lotere silifa mukasintha pasiwedi. Limapitiriza kugwira ntchito mwakachetechete, ndipo makalata onse osinthira mapasiwedi amene muitanitse m'masiku akubwerawa angadutsire kwa iye. Lifufuteni. Pomaliza yatsani 2-Step Verification, chimene ndi chitetezo cha magawo awiri chija, mutsitse Backup codes, manambala olowera foni ikasowa, amene amakhala khumi, muwalembe papepala n'kusunga pamodzi ndi masatifiketi anu. Ku Facebook chitani zofanana: mu Accounts Centre, pa Password and security, pali Where you're logged in. Popeza muli ndi tsamba la malonda, onaninso anthu amene ali ndi mphamvu pa tsambalo, chifukwa akuba amakonda kudziikamo okha ngati oyang'anira kuti adzabwerere.

Apa ndiye tafika pa mndandanda wanu. Utseguleni ku passwords.google.com, kapena mu Chrome mulembe izi:

```
chrome://password-manager/passwords
```

Nambala 143 isakuopseni. Mukayamba kuwerenga mupeza kuti tsamba limodzi lalembedwa kawiri kapena katatu, mwina chifukwa munalakwitsa dzina tsiku lina Chrome n'kusunga zolakwikazo, mupezanso za mwana wanu ndi za wachibale amene anabwereka laputopu. Maakaunti enieni amakhala ocheperapo ndithu. Tengani kope ndi cholembera, mulembe mayina a masamba okha popanda mapasiwedi, muwagawe patatu: amene mumagwiritsa ntchito, amene simuwafunanso, ndi amene si anu. A eni akewo auzeni lero lomwe kuti asinthe, chifukwa nawonso anaonedwa.

Pa gulu loyamba dongosolo n'lofunika kuposa liwiro. Yambani ndi maimelo ena onse amene muli nawo, chifukwa imelo ndiyo imatsegula zina zonse kudzera pa Forgot password. Kenako za ndalama: banki ya pa intaneti, masamba ogulira katundu amene munasiyako nambala ya khadi, kobetchera ngati kulipo, kolipirira chilichonse. Kenako za kuntchito ndi za kusukulu, kenako masamba a mchezo monga Instagram ndi TikTok. Zimenezi muzimalize usiku woyamba ndi wachiwiri. Zotsalazo, khumi patsiku n'zokwanira. Pa akaunti iliyonse musangosintha pasiwedi n'kutuluka. Onani imelo ndi nambala ya foni zimene zalembedwamo, dinani potulutsa zipangizo zonse ngati palipo, ndipo yatsani chitetezo cha magawo awiri kumene chikupezeka. Polowa musadine linki ya mu imelo, lembani nokha adiresi ya tsambalo, chifukwa munthu amene wangoberedwa kumene amalandira makalata ambiri abodza omuuza kuti ateteze akaunti yake.

Mu Password Manager muli batani la Checkup. Limagawa mapasiwedi anu patatu: amene anapezeka m'mindandanda yobedwa yodziwika, amene munagwiritsa ntchito m'malo angapo, ndi ofooka. Ligwiritseni ntchito, koma mulimvetse malire ake. Likanena kuti palibe pasiwedi yobedwa, likutanthauza kuti siinapezeke m'mindandanda imene Google ikuidziwa. Za wakuba amene anawerenga mndandanda wanu mwezi watha silikudziwa kanthu. Gawo lothandiza kwambiri kwa inu ndi la mapasiwedi obwerezedwa. Ndikhulupirira mupeza kuti masamba ambiri pa 143 amenewo akugawana mapasiwedi atatu kapena anayi, mwina dzina la mwana ndi chaka chimene anabadwa, kwinaku mwawonjezera kachizindikiro kumapeto. Akuba amadziwa zimenezi. Amatenga imelo ndi pasiwedi imodzi n'kuziyesa ndi makina pa masamba mazanamazana, ndipo amayesanso zosinthasintha zake. Choncho ngati yakale inali dzina ndi 2011, yatsopano isakhale dzina lomwelo ndi 2012. Lolani Chrome ikupangireni yake kudzera pa Suggest strong password. Pa yochepa imene muyenera kuiloweza pamtima, monga ya Gmail, lumikizani mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana, osati mwambi kapena vesi limene wina angaliganizire. Kutalika ndi kumene kumapatsa pasiwedi mphamvu.

Tibwere ku maakaunti akale, amene ndi mtima wa funso lanu. Ambiri amati, ndilibemo kanthu, andibere chiyani? Koma taganizani za tsamba lofunsirapo ntchito limene munalembetsa zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Muli kalata ya mbiri yanu, tsiku lobadwa, nambala ya foni, mayina a anthu okuchitirani umboni, mwinanso chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika. Munthu amene ali ndi zimenezi angakuimbireni foni akudzitcha wa ku banki n'kukutchulirani zinthu zoona zokhazokha mpaka mutamukhulupirira, kapena angayese kutengera ngongole m'dzina lanu. Masamba akale ambiri alibenso wowasamalira, ndipo akabedwa palibe amene amakuuzani. Ngakhale makampani akuluakulu amachedwa kuulula. Yahoo inabedwa mu 2013, inalengeza mu 2016, ndipo mu 2017 ndi pamene inavomera kuti maakaunti onse 3 biliyoni anakhudzidwa.

Akaunti yakale yoopsa kuposa zonse ndi imelo yakale. Nthawi zambiri munthu anatsegula Yahoo kapena Hotmail ali ku koleji, n'kutsegulira nayo Facebook, kenako n'kusamukira ku Gmail. Imelo yakaleyo imakhalabe yolembedwa mu Facebook, nthawi zina mu Gmail momwe, ngati njira yobwezera akaunti. Pasiwedi yake ndi ya kalekale, ilibe chitetezo chilichonse, ndipo mwini wake sailowanso. Ndinathandizapo bambo wina amene Facebook yake inkabedwa mobwerezabwereza ngakhale ankasintha pasiwedi nthawi iliyonse. Kompyuta yake inali yoyera. Titatsegula gawo la Personal details tinapezamo imelo yachiwiri imene iye anaiiwala kalekale, ndipo wakubayo ankangodina Forgot password n'kukatenga manambala kumeneko. Titaichotsa imeloyo vuto linatha. Nambala yakale ya foni ili ndi vuto lofanana. Simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya mafoni imabweza nambalayo n'kuigulitsa kwa munthu wina, ndipo mauthenga obwezera akaunti yanu amayamba kupita kwa mlendo. Ngati munasinthapo nambala ya Airtel kapena TNM, fufuzani nambala yakaleyo m'maakaunti onse ofunika muichotse.

Mndandanda wa Chrome sukuonetsani maakaunti onse, chifukwa ena munatsegulira pa foni yakale kapena ku intaneti kafe. Otsalawo mungawapeze m'malo atatu. Oyamba ndi Gmail yomwe, poti pafupifupi tsamba lililonse limatumiza kalata yokulandirani. M'bokosi lofufuzira lembani izi:

```
subject:(welcome OR verify OR confirm OR activate)
```

Pitani mpaka ku makalata akale kwambiri, muzilemba mayina a masamba m'kope lija. Achiwiri ndi haveibeenpwned.com, tsamba limene anayambitsa katswiri wa ku Australia, Troy Hunt, mu 2013. Mumalembamo adiresi ya imelo yokha, ndipo limakuuzani masamba obedwa amene adiresi yanu inapezekamo. Yesani maimelo anu onse, akale omwe. Achitatu ndi masamba amene munalowa podina Sign in with Google kapena Continue with Facebook. Amenewa alibe pasiwedi yawoyawo, n'chifukwa chake sapezeka mu Chrome, koma aliyense amene wagwira Gmail kapena Facebook yanu amalowamo mosavuta. A Google mungawaone ku myaccount.google.com/connections, a Facebook ali pa Apps and websites. Dziwani kuti kuchotsa mgwirizano pamenepo kumangodula njira yolowera. Akaunti ya ku tsamba lija ndi zonse zimene munaikamo zimatsala. Choncho yambani mwalowa ku tsambalo, mutseke akaunti, kenako mudule mgwirizano. Mukayamba ndi kudula mungavutike kulowanso kuti mukatseke.

Katsekedwe kake ndi aka. Tiyerekeze ndi tsamba lofunsirapo ntchito lija. Lowani ndi pasiwedi ili mu Chrome, ikakana dinani Forgot password. Mukalowa sinthani pasiwedi kaye, ngakhale mukufuna kutseka, chifukwa masamba ambiri satseka nthawi yomweyo ndipo munthu akalowa ndi pasiwedi yakale m'masiku odikirawo kutsekako kumaimitsidwa. Facebook, mwachitsanzo, imadikira masiku 30. Tsitsani chilichonse chimene mukuchifuna, monga kalata ya mbiri yanu kapena malisiti. Fufutani mafayilo amene munaikamo, chotsani khadi la banki, letsani malipiro a mwezi ndi mwezi ngati alipo. Kenako funani Delete account kapena Close account, amene amabisidwa kawirikawiri pansi pa Privacy kapena Account. Musasokoneze ndi Deactivate, amene amangobisa akaunti zinthu zanu zili momwemo. Kuchotsa apu pa foni nakonso sikutseka akaunti. Kalata yotsimikiza ikabwera isungeni, muchonge m'kope, ndipo apo ndi pamene mzere wa tsambalo muufufute mu Chrome.

Masamba ena alibiretu potsekera. Kumeneko alembereni kalata yochokera ku imelo imene munalembetsera, yopempha kuti afufute akaunti ndi zonse zokhudza inu. Ku Malawi kuno lamulo loteteza uthenga wa munthu la 2024 limakupatsani ufulu wopempha zimenezi, ndipo makampani a ku Ulaya ali pansi pa lamulo lofanana. Akapanda kuyankha, ikhuthuleni akauntiyo nokha: chotsani chithunzi, nambala ya foni ndi adiresi, muike pasiwedi yaitali imene simunaigwiritsepo kwina, n'kuisiya yosungidwa. Tsamba limene linafa, losatsegukanso, palibe chimene mungachiteko. Ingoonetsetsani kuti pasiwedi yake siikugwira ntchito kwina kulikonse, kenako fufutani mzerewo. Ndipo musataye mausiku anu pa katsamba kowerengera nkhani kamene munangopatsa imelo basi. Mphamvu zanu zipite kumene kuli chiphaso, khadi, zithunzi kapena makalata.

Imelo yakale muisiye kumapeto, ndipo kawirikawiri ndimalangiza kuti musaitseke n'komwe. Mukaitseka musanasamutse maakaunti amene amadalira iyo, simudzathanso kuwabweza. Komanso makampani ena analolapo kuti adiresi yosiyidwa itengedwe ndi munthu wina, monga inachitira Yahoo mu 2013, ndipo woitengayo amalandira makalata anu. Njira yabwino n'kuilowa, kuisinthira pasiwedi, kuiikira chitetezo cha magawo awiri, kusamutsira maakaunti onse ku Gmail yanu, kenako kumaitsegula kamodzi pa miyezi ingapo kuti isafe yokha. Google nayo imatha kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito, koma adiresi ya Gmail yofufutidwa siperekedwanso kwa wina.

Mukamafufuta mizere mu Chrome kumbukirani kuti ngati mapasiwedi akusungidwa ku akaunti ya Google, mukafufuta pa laputopu afufutikanso pa foni. Pali batani la Export passwords limene anthu amakonda kudina kuti asunge kope asanayambe. Fayilo imene imatuluka ndi yosabisika konse, aliyense angaitsegule ngati tebulo wamba n'kuwerenga zonse. Ngati mwaitsitsa, musaitumize pa WhatsApp kapena pa imelo, ndipo mukamaliza muifufute mu Downloads ndi mu Recycle Bin momwe. Onaninso mabulawuza ena a pa laputopuyo. Edge imatha kukopera mapasiwedi a Chrome, choncho mungapezemo mndandanda wachiwiri umene simunaudziwe, ndipo ngati pali Firefox lembani about:logins muone. Mu Settings ya Chrome, pa Autofill, mulinso makhadi a banki ndi maadiresi osungidwa. Ngati khadi lanu linalimo, auzeni a banki alitseke akupatseni lina. Malo ena amene anthu amaiwala ndi mu Gmail momwemo ndi mu Google Photos: makalata amene munadzitumizira nokha okhala ndi mapasiwedi, ndi zithunzi za khadi kapena za chiphaso. Wakuba uja anali ndi mpata wozifufuza.

Mwina mukudzifunsa ngati musiyiretu kusunga mapasiwedi mu burawuza. Ine ndikuti ayi. Munthu amene wasiya kusunga amabwerera ku pasiwedi imodzi ya paliponse, ndipo zimenezo n'zoopsa kwambiri kuposa Chrome. Ubwino winanso n'ngwakuti burawuza siilemba pasiwedi yanu pa tsamba lonamizira, chifukwa imayang'ana adiresi yeniyeni, choncho ikakana kudzaza yokha pa tsamba looneka ngati Facebook, imani kaye. Chofunika n'kukonza zimene zinalakwika. Gmail ikhale ndi chitetezo cha magawo awiri. Mwana akhale ndi akaunti yakeyake ya Windows yopanda mphamvu zoika mapulogalamu, yanu ikhale ndi pasiwedi imene iye saidziwa. Kungomutsegulira malo akeake mu Chrome yomweyo, amene amatchedwa Profile, sikuteteza kanthu, poti pulogalamu yoipa ikalowa pa akaunti imodzi ya Windows imawerenga ma Profile onse a pamenepo. Mapasiwedi ochepa aakulu, ya Gmail ndi ya banki, musawasunge mu burawuza: alowezeni, kope lake likhale papepala kunyumba. Manambala achinsinsi a Airtel Money, Mpamba ndi khadi la banki asalembedwe mu foni kapena mu kompyuta ngakhale pang'ono. Mapulogalamu apadera osungira mapasiwedi monga Bitwarden alipo ndipo ndi abwino, koma musasamuke muli pakati pa ntchitoyi. Malizani kaye kuyeretsa.

Pali zinthu zina zimene simuyenera kulimbana nazo nokha. Mukaona ndalama yatuluka imene simukuidziwa, ngakhale yochepa, imbirani banki nthawi yomweyo pa nambala imene ili kuseri kwa khadi, chifukwa akuba amayamba ndi kandalama kakang'ono poyesa. Foni yanu ikangoti zii, netiweki osaoneka pamene anzanu a kampani yomweyo ali nayo, thamangirani ku ofesi ya kampaniyo ndi chiphaso chanu, poti mwina wina wasamutsira nambala yanu pa simu ina. Ngati anzanu ena anatumizadi ndalama kwa wakubayo, kanenereni ku polisi mutatenga zithunzi za mauthengawo, nambala imene inalandira ndalama ndi masiku ake. Kulowa mu akaunti ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti, ndipo kalata ya ku polisi idzakutetezani wina akadzati munamudyera ndalama ndinu. Mauthenga amenewo musawafufute poyeretsa. Ndipo ngati mwachita zonsezi koma machenjezo a munthu wolowa akubwerabe, pitani ndi laputopu ndi foni zonse kwa katswiri amene mungakhale naye maso ndi maso, mapasiwedi muzilemba nokha iye akuyang'ana kumbali. Anthu amene adzakulemberani pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti angakutetezereni maakaunti mukawalipira, kapena opempha manambala amene abwera pa foni yanu, musawayankhe. Manambala amenewo ndi olemba inu nokha pa tsamba limene mwatsegula nokha, ndipo wa ku banki kapena wa kampani ya mafoni weniweni sangakufunseni.